Mzere Wokwera wa ku Mauna Loa: Mmene Tingayankhire Funso la Galafu pa Mayeso

Mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa jogalafe mu Folomu 4 ankadziwa nkhani ya kusintha kwa nyengo kuposa anzake onse. Kwawo kunali kuchigwa, ndipo za madzi osefukira sankachita kuwerenga m'buku ayi, anawaona ndi maso ake akulowa m'nyumba usiku. Tsiku lina ndinapereka mayeso oyeserera. Papepalapo panali galafu ya mzere umodzi wokwera, ndipo funso loyamba, la malikisi 3, linkangofuna kuti ophunzira afotokoze mmene mpweya wa kaboni dayokisaidi wasinthira mumlengalenga kuyambira 1960 kufika 2020. Mtsikanayu anadzaza tsamba lathunthu. Analemba za mitengo imene yatha m'mapiri, za makala, za mvula yobwera mochedwa, za namondwe. Zonsezo zinali zoona. Koma ndinasowa pomupatsira ngakhale malikisi imodzi, chifukwa m'tsamba lonselo munalibe chaka kapena nambala yochokera pagalafupo.

Zinandipweteka mtima, pakuti mwanayo sanali waulesi. Anayankha mutu wa nkhani, funso n'kulisiya pomwepo. Mafunso a mtundu uwu, amene amakupatsani galafu kapena tebulo la manambala n'kukuuzani kuti muyankhe kuchokera pa zimenezo, sayesa kuchuluka kwa zimene mwaloweza. Amayesa ngati mungathe kutola umboni papepala, kuunena m'mawu ndi m'manambala, kenako n'kuulumikiza ndi zimene munaphunzira m'kalasi. Mayeso a MSCE amabwera m'Chingerezi, koma kaganizidwe kake n'kamodzimodzi m'chinenero chilichonse, ndipo munthu akakamvetsa m'Chichewa savutika kukasamutsa.

Galafu imene ndinawapatsa ana aja si yopeka. Ndi imodzi mwa magalafu odziwika kwambiri m'sayansi ya nyengo, ndipo mabuku ambiri a sukulu amakopera yomweyo. Mu Malichi 1958, wasayansi wa ku America dzina lake Charles David Keeling anayamba kuyeza mpweya wa kaboni dayokisaidi paphiri la Mauna Loa ku Hawaii, pakati pa nyanja ya Pasifiki. Malo oyezerawo ali pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400, ndiye kuti pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje. Ubwino wa malowo ndi wakuti ali kutali ndi mafakitale, misewu yodzaza magalimoto ndi nkhalango zikuluzikulu. Mpweya wofika kumeneko umakhala utayenda mtunda wautali pamwamba pa nyanja n'kusakanikirana bwino, choncho umapereka chithunzi cha mlengalenga monse, osati cha mudzi umodzi. Keeling anamwalira mu 2005, koma kuyezako kukupitirirabe, ndipo mwana wake Ralph ndi mmodzi wa amene akutsogolera ntchitoyo.

Manambala ake, tikawafupikitsa pochotsa timadontho, ndi awa. Mu 1960 anapeza 317, mu 1970 anapeza 326, mu 1980 anapeza 339, ndipo mu 1990 anapeza 354. Pofika 2000 nambala inali 370, mu 2010 inali 390, ndipo mu 2020 inali 414. Asungeni manambala asanu ndi awiriwa, chifukwa tiyenda nawo mpaka kumapeto.

Musanagwire cholembera

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi imodzi yoyamba ikhale yoyang'ana basi, ndipo poyambira si mzere wokwerawo ayi, koma m'mphepete mwa galafu. Mzere wogona wa pansi ukuonetsa zaka. Mzere woimirira wa kumanzere ukuonetsa kuchuluka kwa mpweya, ndipo pambali pake pamalembedwa zilembo zitatu, ppm. Ophunzira ambiri amazidumpha zilembozi, kenako amalemba kuti mpweya unafika matani 414 kapena 414 peresenti. Zonse ziwiri n'zolakwa, ndipo yachiwiriyo n'kosatheka komwe.

Tanthauzo la ppm ndi magawo angati mwa magawo miliyoni imodzi. Yerekezani mulu wa njere za chimanga 1,000,000, zonse zoyera, koma pakati pake pali njere zofiira 414. Umo ndi mmene kaboni dayokisaidi analili mumpweya wa 2020. Tikachepetsa muluwo kukhala njere 10,000, zofiirazo ndi zinayi zokha. N'zochepa ndithu, ndipo pali anthu amene amati zochepa chotere sizingatenthetse dziko. Koma mpweya wochuluka mumlengalenga, nayitirojeni ndi okisijeni, sugwira kutentha kumene nthaka imabweza kumwamba. Ntchito imeneyo imagwiridwa ndi tinjere tochepa tofiirato pamodzi ndi nthunzi ya madzi ndi mipweya ina yowerengeka, n'chifukwa chake kusintha kwa tinjereto kumamveka.

Mukadziwa muyeso, yang'anani nambala imene ili pansi penipeni pa mzere woimirira. Apa pali msampha umene umakola ngakhale anthu akuluakulu powerenga nyuzipepala. Magalafu ambiri a Mauna Loa sayambira pa 0. Amayambira pa 300 kapena 310, kuti kukwerako kuoneke bwino m'kadanga kochepa ka pepala. Galafu ikayambira pa 300, kadontho ka 1960 kamakhala masitepe 17 okha kuchokera pansi, pamene ka 2020 kamakhala masitepe 114 kuchokera pansi. Diso likangoona zimenezo limauza mutu kuti mpweya wachuluka pafupifupi kasanu ndi kawiri. Ana angapo m'kalasi lija analembadi kuti wawirikiza kangapo. Koma kuchoka pa 317 kufika pa 414 si kuwirikiza ngakhale kawiri. Wojambula galafu sananame. Anangodula miyendo ya chithunzi, ndipo ndi udindo wa wowerenga kukumbukira kuti pansi pa pepalapo pali magawo 300 osaoneka.

Chomaliza choyang'ana m'mphepetemo ndi timabokosi. Ngati pakati pa 300 ndi 320 pali timabokosi tisanu, kabokosi kamodzi ndi 4 ppm, osati 1. Wophunzira amene wawerenga timabokosi titatu pamwamba pa 340 n'kulemba 343 wasochera, chifukwa yankho ndi 352. Gawani kusiyana kwa manambala awiri oyandikana ndi chiwerengero cha timabokosi, ndipo lembani zotsatirazo ndi pensulo pambali pa galafu. Powerenga nambala ya chaka china, gwiritsani ntchito rula: jambulani mzere kuchokera pachakacho kukwera mpaka ukhudze mzere wa galafu, kenako wina wogona kupita kumanzere. Diso lopanda rula limapendekeka, makamaka pamene mzere wayamba kuima chilili.

Kunena zimene mukuona

Tsopano tibwerere ku funso limene linagwetsa mtsikana uja. Mawu olamula m'funsolo ankafuna kufotokoza mmene zinthu zikuonekera, osati kupereka zifukwa. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene kumadya malikisi a ana ambiri. Munthu akakufunsani kuti mtsinje ukuoneka bwanji lero, mumati wadzaza, madzi ndi ofiira, afika pamwala uja. Simuyamba ndi nkhani ya mvula imene inagwa kumtunda. Imeneyo ndi yankho la funso lina.

Yankho labwino limayamba ndi njira imene mzere walowera, limanena poyambira ndi pothera, kenako limaonetsa ngati mayendedwe ake asintha panjira. Ambiri amakwanitsa zoyamba ziwirizo: mpweya wakwera, kuchoka pa 317 ppm mu 1960 kufika pa 414 ppm mu 2020. Chachitatucho ndiye chimasiyanitsa amene wayang'anitsitsa ndi amene wangoponya diso. Ikani rula kuchokera pakadontho koyamba kufika pakadontho komaliza. Mupeza kuti mzere wa galafu sutsata rulayo, ukudutsa mmunsi mwake ngati uta. Zikatero ndiye kuti poyamba unkakwera pang'onopang'ono, kenako n'kuyamba kuthamanga.

Manambala athu aja akuchitira umboni. Dulani zaka 60 pakati. Kuyambira 1960 kufika 1990 mpweya unakwera kuchoka pa 317 kufika pa 354, ndiye kuti unawonjezeka ndi 37. Kuyambira 1990 kufika 2020 unachoka pa 354 kufika pa 414, kuwonjezeka ndi 60. Nthawi ndi yofanana, zaka 30 uku ndi 30 uku, koma theka lachiwiri lasenza katundu wolemera kwambiri. Yankho lonse likhoza kukwana m'ziganizo zitatu: "Kaboni dayokisaidi wakhala akukwera mosalekeza kuyambira 1960 kufika 2020. Wachoka pa 317 ppm kufika pa 414 ppm, kuwonjezeka ndi 97 ppm. Kukwerako kukunka kufulumira, pakuti m'zaka 30 zoyamba anakwera ndi 37 ppm pamene m'zaka 30 zotsatira anakwera ndi 60 ppm." Mizere inayi ya m'kope ikanamupatsa mtsikana uja zimene tsamba lathunthu linalephera kumupatsa.

Ndionjezepo chenjezo limodzi pa mawu. Musanene kuti mzere wakwera mofanana chaka ndi chaka pamene mwaona kuti wapindika, ndipo musanene kuti wakwera modzidzimutsa pamene palibe chaka chimene wadumpha. Mawu ofotokozera liwiro nawonso ndi mbali ya yankho, ndipo wochonga amawayerekeza ndi galafu.

Funso lotsatira kawirikawiri limakhala la masamu, ndipo masamu ake si ovuta. Akafunsa kuti mpweya wakwera ndi maperesenti angati, tengani kuwonjezeka kuja, 97, mugawe ndi nambala ya poyambira, 317, kenako muchulukitse ndi 100. Yankho ndi 30.6, kapena kuti pafupifupi 31 peresenti. Cholakwa chimene ndachiona kobwerezabwereza ndi kugawa ndi nambala ya pothera, 414, zimene zimapereka 23 peresenti. Njira yodzikumbutsira ndi ya pamsika: thumba la chimanga likakwera mtengo, kukwerako timakuyeza ndi mtengo wakale umene tinazolowera, osati watsopano. Akafunsa liwiro la kukwera pa chaka, gawani 97 ndi zaka 60, mupeza 1.6 ppm pa chaka. Lembani njira yonse imene mwadutsa, ndipo musaiwale muyeso kumapeto kwa yankho. Ngati mwaphonya pang'ono powerenga galafu koma njira ili bwino, wochonga amakhala ndi poyambira kukupatsani kenakake. Nambala yoima yokha, ikalakwika, yapita yonse.

Mano a sowo

Magalafu ena amaonetsa miyeso ya mwezi uliwonse m'malo mwa chaka chilichonse. Pamenepo mzere sukhalanso wosalala, umakhala ndi mano ngati sowo: kukwera, kutsika pang'ono, kukweranso kupitirira pamene unafika chaka chatha. Dzino lililonse ndi chaka chimodzi. Ku Mauna Loa nsonga ya dzino imafika mu Meyi, ndipo pansi pake pamafika cha mu Sepitembala kapena Okutobala. Kusiyana kwa nsonga ndi pansi ndi pafupifupi 6 ppm.

Ili ndi gawo limene ndimalikonda kuphunzitsa, chifukwa ndi pamene mwana wa kuno amene akuganiza bwino amatha kusocheretsedwa ndi kuganiza kwake komweko. Iye amadziwa kuti zomera zikamapanga chakudya chake ndi kuwala kwa dzuwa zimakoka kaboni dayokisaidi mumpweya. Amadziwanso kuti kwathu kuno dziko limabiriwira kuyambira Disembala kufika Epulo, ndipo mu Sepitembala ndi Okutobala kumakhala kouma, tchire likupsa. Ndiye amayembekeza kuti mpweyawo utsike nthawi ya dzinja lathu n'kukwera m'chilimwe. Galafu ikuonetsa zosiyana kotheratu: miyezi imene chimanga chathu chikukula ndi imene mzere ukukwera, ndipo miyezi imene kwathu kwauma ndi imene mzere wafika pansi.

Chinsinsi chake chili pamapu a dziko lapansi. Mtunda wambiri, pamodzi ndi nkhalango zazikulu za ku Siberia, Canada ndi Ulaya, uli kumpoto kwa ikweta, ndipo Hawaii nayenso ali kumpoto. Kumeneko mitengo imaphuka masamba cha mu Epulo ndi Meyi, n'kumakoka mpweyawo mwamphamvu mpaka cha mu Sepitembala. Ikafika nyengo yawo yozizira masamba amayoyoka, zomera zimapuma, koma kuwola kwa zinyalala ndi kupuma kwa zamoyo za m'nthaka kumapitirira, choncho mpweya umabwerera mumlengalenga. Kum'mwera kwa ikweta gawo lalikulu ndi nyanja, n'chifukwa chake malo oyezera a kum'mwera kwenikweni amaonetsa mano ang'onoang'ono kwambiri. Choncho poyankha za manowa, tchulani nyengo za kumpoto, osati za kwanu.

Manowa ali ndi msampha wachiwiri. Munthu akhoza kutenga nambala ya Meyi n'kuiyerekeza ndi ya Okutobala chaka chomwecho, n'kunena kuti mpweya wayamba kuchepa. Poyerekeza zaka, tengani mwezi womwewo m'zaka zonse ziwiri, kapena tsatani mzere wosalala umene nthawi zambiri umajambulidwa pakati pa manowo. Mukatero muona kuti kuyambira pamene kuyeza kunayamba, palibe chaka chimene chinatsika poyerekeza ndi chinzake cha m'mbuyo.

Zifukwa, ndi nkhani ya nkhokwe

Funso lofuna zifukwa ndi pamene zimene munaphunzira zimaloledwa kulowa. Apa ndi pamene mitengo ndi makala a mtsikana uja zikanapeza malo, ngakhale osati pampando woyamba. Galafu iyi ndi ya mlengalenga wa dziko lonse, ndipo gwero lalikulu la kaboni dayokisaidi wowonjezerekayu ndi kuwotcha malasha okumba pansi, mafuta a galimoto ndi gasi, m'malo opangira magetsi, m'mafakitale ndi pamisewu. Kudula ndi kuwotcha nkhalango kumabwera pambuyo pake, ndipo kupanga simenti kumawonjezeranso. Gawo la Malawi pa utsi wonsewu ndi laling'ono kwambiri. Sindikunena izi pofuna kupeputsa kutha kwa mitengo yathu, kumene kukutipweteka ndi kukokoloka kwa nthaka ndi kuuma kwa mitsinje. Ndikunena chifukwa yankho limene latchula makala okha lasiya kunja chifukwa chachikulu cha mzere umene uli papepala.

Kutchula dzina la chinthu sikukwanira. Chifukwa chilichonse chiyendetsedwe mpaka chikafike pagalafu. Mmalo molemba kuti "mafakitale" n'kuika mpumiro, nenani kuti mafakitale ndi magalimoto zachuluka, zikuwotcha malasha ndi mafuta ambiri, ndipo kaboni amene anakwiririka pansi kwa zaka mamiliyoni akutuluka n'kukhala mpweya. Mmalo molemba kuti "kudula mitengo", nenani kuti mtengo ukawotchedwa kapena kuwola umatulutsa kaboni amene unasunga, komanso sukhalaponso kuti ukoke wina. Ngati munanena kale kuti mzere ukufulumira, perekaninso chifukwa cha kufulumirako: chiwerengero cha anthu padziko chinali pafupifupi 3 biliyoni mu 1960 ndipo chinayandikira 8 biliyoni pofika 2020, komanso maiko akuluakulu monga China ndi India anakuza mafakitale awo kwambiri m'zaka za posachedwapa. Chinthu chimodzi chokha musachilowetse: kubooka kwa ozoni. Imeneyo ndi nkhani ina, ya mankhwala amene ankaikidwa m'mafiriji, ndipo si imene ikukweza mzerewu.

Pali mfundo ina yozama imene, mukaimvetsa, mafunso ovuta kwambiri a galafu iyi amasanduka osavuta. Galafuyi sikuonetsa utsi umene watulutsidwa chaka chimenecho. Ikuonetsa mpweya umene waunjikana mumlengalenga. Ganizirani nkhokwe. Chimanga chimene mwakolola chaka chino ndi chinthu china, chimanga chimene chili m'nkhokwe ndi chinthu chinanso. Ngati chaka chatha munathiramo ngolo khumi n'kutapamo zisanu, ndipo chaka chino mwathiramo zisanu ndi zinayi n'kutapamo zisanu, zokolola zatsika koma nkhokwe yakwerabe. Mlengalenga ndi nkhokwe yotero. Pa mpweya umene anthu amatulutsa chaka chilichonse, nyanja ndi zomera zimatapamo pafupifupi theka, ndipo theka linalo limatsala n'kusanjikizana pa la chaka chatha.

Chaka cha 2020 chinatipatsa chitsanzo chooneka ndi maso. Chifukwa cha mliri wa kolona ndege zinaima, misewu ya m'mizinda ikuluikulu inachita zii, ndipo utsi wochokera ku malasha ndi mafuta padziko lonse unatsika ndi pafupifupi 5 peresenti. Koma ku Mauna Loa nambala inakwerabe, kuchoka pa 412 mu 2019 kufika pa 414 mu 2020. Mukayang'ana galafu simupeza ngakhale kachizindikiro kooneka bwino ka chaka chimenecho. Funso likadzabwera lakuti n'chifukwa chiyani mpweya ukukwerabe pamene maiko ena achepetsa utsi, yankho lake ndi la nkhokwe: kuchepetsa zothiramo kumachedwetsa kudzaza, koma mulingo umaima pokhapokha zothiramo zitafanana ndi zotapamo.

Mipweya itatu papepala limodzi

Nthawi zina galafu imakhala ndi mizere iwiri kapena itatu, ndipo imayambira kale kwambiri, cha mu 1750, mafakitale asanafalikire. Manambala a zaka zakale zimenezo sanayezedwe ndi munthu nthawi imeneyo. Amachokera ku tithovu ta mpweya timene tinatsekeredwa m'madzi oundana a ku Antarctica, timene asayansi amakumba n'kuyeza. Pambali pa kaboni dayokisaidi pamakhala metheni, mpweya umene umatuluka ng'ombe zikamageya, m'minda ya mpunga yodikha madzi, m'malo otayira zinyalala ndi m'migodi ya malasha ndi gasi. Wachitatu ndi nayitirasi okisaidi, amene gwero lake lalikulu lochokera kwa anthu ndi feteleza ndi manyowa m'minda.

Pagalafu yotere muyang'ane mbali zonse ziwiri, chifukwa kumanja kumakhala mzere wina woimirira wokhala ndi muyeso wake, ppb, kutanthauza magawo mwa biliyoni imodzi. Bungwe la akatswiri a nyengo la IPCC linanena kuti mu 2019 kaboni dayokisaidi anali 410 ppm ndipo metheni anali 1,866 ppb. Wophunzira wothamanga amaona 1,866 ndi 410 n'kulemba kuti metheni ndiye wochuluka. Koma 1,000 ppb ndi 1 ppm yokha, choncho metheni yenseyo safika 2 ppm. Kaboni dayokisaidi amamuposa kopitirira ka 200.

Nanga akafunsa kuti ndi mpweya uti umene wakwera kwambiri? Funso limeneli lili ndi mayankho awiri, ndipo muyenera kuwerenga bwino kuti mudziwe limene akufuna. Kuyambira 1750 kufika 2019 kaboni dayokisaidi anachoka pa 278 kufika pa 410 ppm, kukwera ndi 47 peresenti. Metheni anachoka pa 729 kufika pa 1,866 ppb, kukwera ndi 156 peresenti. Nayitirasi okisaidi anachoka pa 270 kufika pa 332 ppb, kukwera ndi 23 peresenti. Pa maperesenti metheni ndiye watsogola, ndipo watsogola patali. Koma pa kuchuluka kwenikweni kwa mpweya wowonjezereka, 132 ppm ya kaboni dayokisaidi ikuposa kutalitali 1.1 ppm ya metheni. Ngati funso silinanene njira yoyezera, lembani mayankho onse awiri ndipo munene kuti lililonse mwaliyeza motani. Mizere iwiri ya miyeso yosiyana ikapingasana papepala, musanene kuti chaka chimenecho mipweyayo inafanana. Kupingasanako kwabwera ndi mmene wojambula anasankhira masikelo ake.

Kulosera za kutsogolo

Funso lomaliza limakonda kukutumani kunja kwa galafu: mpweya udzakhala wochuluka bwanji mu 2030? Apa musatenge liwiro la 1.6 ppm pa chaka limene tinapeza lija, chifukwa limenelo lasakaniza zaka zoyenda pang'onopang'ono za m'ma 1960 ndi zaka zothamanga za posachedwa. Pakati pa 1960 ndi 1970 mpweya unkakwera ndi 0.9 ppm pa chaka, pamene pakati pa 2010 ndi 2020 unkakwera ndi 2.4 ppm pa chaka. Tengani liwiro la kumapeto. Zaka 10 kuchulukitsa ndi 2.4 ndi 24, kuphatikiza pa 414, yankho ndi pafupifupi 438 ppm. Kenako onjezani chiganizo chimodzi chonena kuti mwaganiza kuti zinthu zipitirira kuyenda mmene zinayendera m'zaka khumi zomaliza. Chiganizo chimenecho n'chofunika, chifukwa galafu imadziwa zimene zinayezedwa basi. Za mawa zidalira zimene maiko adzachite ndi malasha ndi mafuta awo.

Tili ndi mwayi woyesa njirayi, popeza zaka zina zadutsa kale. Tikalosera za 2024 ndi liwiro la 1.6 tipeza 420. Tikalosera ndi 2.4 tipeza pafupifupi 424. Nambala imene inayezedwadi ku Mauna Loa mu 2024 inali pafupi ndi 425. Liwiro la kumapeto ndi limene layandikira, ndipo ngakhale ilo latsalira pang'ono, kusonyeza kuti uta uja ukupindikabe.

Pomaliza penipeni amatha kufunsa ngati galafuyi ikutsimikiza kuti dziko likutentha. Samalani. Papepalapo palibe muyeso wa kutentha, palibe mvula, palibe dzina la dziko limene latulutsa utsi. Mungathe kunena, kuchokera ku zimene munaphunzira, kuti mipweya iyi imagwira kutentha kumene nthaka imabweza kumwamba, choncho ikachuluka kutentha kumakwera, ndipo miyeso ina ya kutentha ikugwirizana ndi zimenezi. Koma nenani momveka kuti umboni wa kutenthawo uli pagalafu ina. Wochonga amafuna kuona kuti mukudziwa pamene pepala lathera ndi pamene mutu wanu wayambira.

Mtsikana uja ndinakhala naye pansi masana ena, rula ndi pensulo zili patebulo, ndipo ndinamupempha kuti asandiuze chilichonse chimene sangachiloze ndi chala pagalafu. Poyamba zinamuvuta, chifukwa mtima wake unali wodzaza ndi zimene anaona kwawo. Atapeza yekha 37 ndi 60, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Aphunzitsi, ndiye kuti zambiri zachitika makolo anga atabadwa kale." Anali atawerenga galafu.

Inu aphunzitsi anzanga, ndi inu makolo amene muli ndi mwana wokonzekera mayeso, manambala asanu ndi awiri aja ali m'nkhani ino. Mupatseni mwanayo pepala la timabokosi ajambule galafuyi kawiri, koyamba kuyambira pa 300, kachiwiri kuyambira pa 0, ndipo aziike pamodzi patebulo. Kenako mumufunse funso la malikisi 3 lija.